Kalata yoitanira amayi ku Mangalande: kogona, ndalama ndi tsiku lobwerera

Moni abale anga nonse amene mukumvera, kaya muli pa minibasi, kaya muli ku ntchito ya usiku kunja kuja. Lero ndikujambulira kumudzi kuno, ku Area 25 mu Lilongwe, komwe ndabwera ku tchuthi kuchoka ku Leeds kumene ndimagwira ntchito ya unamwino. Chifikireni, funso limene achibale ndi anansi akundifunsa kwambiri ndi limodzi: "Paja amayi anu anakakuonani chaka chatha, kalata yowaitanira ija munalemba bwanji?" Ndiye lero tikhala pa kalata imeneyo. Ndikamba za ku Mangalande kokha chifukwa ndi kumene ndikukudziwa.

Choyamba mudziwe kuti kalatayi si viza, ndipo payokha sipereka viza. Mlendo amafunsira yekha viza yotchedwa Standard Visitor pa gov.uk, amalipira, kenako amapita kokajambulitsa nkhope ndi zidindo za zala konkuno ku Lilongwe. Kalata yanu imangoperekezana ndi fomu yake. Amene akaiwerenge sakukudziwani, sakuwadziwa amayi anu, ndipo ali ndi mafunso atatu m'mutu mwake: munthuyu akagona kuti, akadya za ndani, nanga adzabwerera kwawo? Ife Amalawi timakonda kuyamba ndi malonje ataliatali, kupepesa ndi kuthokoza. Ulemu ndi wabwino, koma pa kalata iyi tsamba limodzi kapena limodzi ndi theka lakwana, bola mafunso atatuwo ayankhidwe ndi mayina, masiku ndi manambala. Imalembedwa m'Chingerezi, koma ine ndikuuzani m'Chichewa zomwe ndinaikamo.

Pamwamba ndinalemba dzina langa lonse monga lilili pa pasipoti, adiresi yanga, foni, ntchito yomwe ndimagwira, ndi mtundu wa chilolezo chomwe ndikukhalira m'dzikomo. Chilolezocho n'chofunika, chifukwa malamulo awo amati wothandiza mlendo akhale wachibale kapena mnzake weniweni, ndiponso akhale m'dzikomo movomerezeka. Masiku ano chilolezo chili pa intaneti, makadi a chilolezo aja anatha ntchito kumapeto kwa 2024, ndiye umatenga nambala yotchedwa share code, yomwe amaonera chilolezo chako pa intanetipo, n'kuilemba m'kalatamo. Kenako dzina la amayi, tsiku lawo lobadwa, nambala ya pasipoti yawo, ndi chibale chathu.

Pa chibalepa ndiimepo pang'ono. Kwathu kuno mng'ono wawo wa amayi ndi amayinso, mwana wa abambo aakulu ndi mchimwene wako, ndipo palibe amene amadabwa. Koma mukalemba kuti "ndikuitana mayi anga" pomwe ndi mayi aang'ono amene anakulerani, ndiye zikalata zanu zakale zikuonetsa dzina lina la mayi wokubalani, wowerengayo aona ngati mwanama. Lembani chibale chenichenicho: ndi mng'ono wa mayi anga ondibala, anandilera kuyambira ndili wamng'ono. Zimenezo sizichepetsa ulemu wawo. Bodza likapezeka pa nkhani ya viza, munthu atha kuletsedwa kulowa m'dzikomo mpaka zaka 10.

Tsopano kogona. Kungoti "akakhala ndi ine" sikukwanira. Ine ndinalemba kuti ndimachita lendi nyumba ya zipinda zogona ziwiri, timakhalamo ine, amuna anga ndi mwana wathu wa zaka zitatu, ndipo amayi akagona m'chipinda chachiwiri, mwanayo akagona ndi ife. Ndinaphatikizapo pangano la lendi ndi bilu ya khonsolo yokhala ndi dzina langa ndi adiresi yomweyo. Ndinapemphanso mwini nyumba kalata yaifupi yovomera kuti mlendo akhale masabata asanu ndi limodzi, chifukwa mapangano ena a lendi amaletsa mlendo kukhalitsa popanda chilolezo. Anzanga amene mukukhala chipinda chimodzi m'nyumba yogawana ndi anthu ena, apa ndi pamene pamavuta. Musalembe adiresi ya mnzanu ngati kuti ndi yanu. Ngati mnzanuyo ndi amene akasunge mlendo, alembe yekha kalata yake, aikepo zikalata zake, inu munene momveka kuti kogona ndi uko, chakudya ndi ulendo ndi zanu.

Za ndalama ndi pamene anthu ambiri amagwera, osati chifukwa chosauka ayi, koma chifukwa mapepala awo amatsutsana okhaokha. Fomu ya mlendo imafunsa kuti iyeyo akagwiritsa ntchito ndalama zingati, amapeza zingati pamwezi, amawononga zingati, komanso ngati pali wina amene akumulipirira, ndipo akulipira zingati. Zomwe zili pa fomu zifanane ndi zomwe zili m'kalata, tambala kwa tambala. Ine ndi amayi tinachita kukhalirana pa foni, fomu uku, kalata uku.

M'kalata yanga ndinagawa chonchi. Tikiti yopita ndi kubwerera kuchokera pa bwalo la ndege la Kamuzu, kudzera ku Addis Ababa, ndilipira ine, ndipo ndinaika padera mapaundi 1,000. Malipiro a viza ndi inshuwalansi ya paulendo, ine. Chakudya ndi mayendedwe a m'tauni kwa masabata asanu ndi limodzi, mapaundi 600, inenso. Kogona salipira. Amayi atenga ndalama zawo zochepa za m'thumba, zogulira timphatso ta adzukulu, kuchokera ku penshoni yawo ya uphunzitsi. Ndinaphatikizapo masitetimenti anga a ku banki a miyezi isanu ndi umodzi, zikalata za malipiro, ndi kalata ya kuntchito. Wowerenga amafuna aone kuti lendi, mabilu ndi za mwana zikachoka, ndalama yomwe ndalonjezayo ikutsaladi.

Amalume anga atamva za ulendowu anabwera ndi nzeru yomwe ambiri timaidziwa. Anati, "Achemwali, ndikubwerekeni mamiliyoni angapo muike mu akaunti, aone kuti muli nazo, viza ikatuluka mundibwezere." Anali ndi mtima wothandiza, koma ndinawapempha kuti asatero. Taganizani: mphunzitsi wopuma amene mwezi ndi mwezi mumalowa penshoni yomweyomweyo, mwadzidzidzi sabata ziwiri asanafunsire viza mwagwa ndalama yochuluka yopanda chiyambi. Owunika amaziona zimenezi tsiku ndi tsiku, ndipo kalata yokana imanena mosabisa kuti sakukhutira ndi komwe ndalamazo zachokera. Akaunti yochepa koma yomveka imaposa akaunti yonenepa usiku umodzi. Ngati mwalowadi ndalama yaikulu yoona, monga amayi atagulitsa soya kapena atagawana za banki m'khonde, ifotokozeni ndipo ikanipo umboni wake. Ndalama zomwe ine ndimawatumizira mwezi ndi mwezi tinazitchulanso, chifukwa zimaoneka pa sitetimenti.

Inshuwalansi ija musaipeputse. Mlendo akagonekedwa m'chipatala cha boma ku England amalipiritsidwa, ndipo mtengo wake ndi 150 peresenti ya mtengo weniweni wa chithandizocho. Ngongole yotere ikatsala, imatha kudzatsekereza viza ina m'tsogolo. Amayi ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndiye tinaliulula pogula inshuwalansi, ndipo ananyamula mankhwala okwanira ulendo wonse pamodzi ndi buku lawo la kuchipatala.

Tifike pa kubwerera, pomwe pagona nkhani yonse. Anthu amalemba kuti "ndikulonjeza ndi mtima wanga wonse kuti adzabwerera." Lonjezo lotere silemera kanthu, chifukwa inu simungalumbirire mtima wa munthu wina. Chomwe chimalankhula ndi moyo umene mlendoyo akusiya kuno. Ine ndinalemba masiku enieni: kufika pa 12 Julaye, kunyamuka pa 23 Ogasiti. Ndinanena chifukwa cha ulendo, kudzaona mdzukulu amene anali asanamunyamulepo, ndiponso kuti ndatenga tchuthi cha masabata awiri oyambirira. Kenako ndinafotokoza zomwe zikuwadikira kumudzi: nyumba yawo ku Area 25, adzukulu awiri amene amawalera omwe amayenera kuwakonzekeretsa sukulu isanatsegulidwe mu Sepitembala, ndi munda wawo ku Mitundu umene umafuna kusosa ndi kugalauza mvula isanagwe. Tinatchulanso amene asunge anawo iwo kulibe, chifukwa wowerenga wanzeru afunsa zimenezo. Amayi anaika zikalata za nyumba, umboni wa penshoni ndi makalata a ku sukulu ya anawo. Kalata ya amfumu yokhudza munda inali m'Chichewa, ndiye tinaimasuliritsa kwa womasulira amene anasainira n'kulembapo dzina ndi adiresi yake, chifukwa chikalata chosakhala m'Chingerezi kapena m'Chiwelishi chimafuna kumasulira kotsimikizika.

Viza imeneyi nthawi zambiri imatuluka ya miyezi isanu ndi umodzi ngakhale munapempha masabata ochepa. Apa mtima umakopeka. Ndinawauza kuti, "Amayi, viza yatuluka ya miyezi isanu ndi umodzi, koma tinalemba masabata asanu ndi limodzi." Iwo anayankha kuti, "Mwana wanga, zomwe tinalembazo ndi zomwezo. Ndikakhalitsa, munda andilimira ndani?" Ananena zoona. Kukhala miyezi isanu pomwe munalemba masabata ochepa sikuphwanya tsiku la pa viza, koma podzafunsiranso adzafunsa kuti munthu wa maudindo onse aja anatha bwanji kuwasiya nthawi yonseyo, ndipo kalata yanu yachiwiri sadzaikhulupirira msanga.

Pali mawu ena amene ndikupemphani musawalembe mosaganiza. Mnzanga wina analemba moona mtima kuti akuitana apongozi ake adzalere khanda kwa miyezi isanu ndi umodzi kuti iye abwerere ku ntchito. Anawakana. Kwa ife, agogo kulera mdzukulu ndi chikhalidwe. Kwa wowerenga uja, munthu wobwera kudzalowa m'malo mwa wolera ana tsiku lonse kwa theka la chaka akufanana ndi wobwera kudzagwira ntchito, ndipo mlendo saloledwa kugwira ntchito. Sindikuti mubise cholinga chanu ayi. Ndikuti ngati cholinga chenicheni ndi kupeza wolera mwana, viza ya mlendo si njira yake. Ngati ndi kucheza ndi kuona mdzukulu, konzani ulendo waufupi, mwanayo apitirize kupita komwe amasungidwa masana, ndipo munene zimenezo m'kalata. Zimandipweteka ndikakumbukira apongozi aja, chifukwa anali atatsanzika kale ku mpingo, ndipo ndalama ya viza sibwezedwa. Pa viza ya mlendo nthawi zambiri palibenso apilo. Umangowerenga bwino zifukwa zomwe alemba, kuzikonza, n'kufunsiranso, osaiwala kuulula pa fomu yatsopano kuti unakanidwapo.

Za nthawi mwachidule: mutha kufunsira kutatsala miyezi itatu kuti munyamuke, ndipo yankho limabwera pafupifupi masabata atatu kuchokera tsiku lojambulitsa zala, ngakhale nthawi zina limachedwerapo. Tikiti musagule viza isanatuluke, m'kalata mungolemba masiku omwe mwakonza. Kalatayo muisainire, muikepo deti, muitumize ndi zikalata zake zonse.

Tsiku la ulendo, mlendo anyamule m'chikwama cha m'manja kope la kalatayo, tikiti yobwerera, adiresi ndi nambala yanu ya foni zolembedwa papepala, chifukwa pa chipata cha ku Mangalande atha kufunsidwanso mafunso atatu omwe aja, ndipo viza payokha sikakamiza wa pachipata kumulowetsa. Muwawerengere kalatayo m'Chichewa asananyamuke kuti adziwe zomwe munalemba, ndipo inu foni yanu ikhale yotsegula nthawi yonse imene ndege ikutera. Sabata yamawa tikamba za katundu: ufa, usipa, chambiko, zomwe zimaloledwa kulowa ndi zomwe amalanda pa bwalo la ndege. Tsalani bwino.