Maka yosafufutika pa bolodi yoyera ndi pa desiki yathabwa: tiichotse bwanji?

[Wofotokoza waima patsogolo pa bolodi yoyera. Patebulo pali mamaka awiri, botolo la sipiriti, tinsalu ndi zidutswa ziwiri za thabwa.]

Takulandirani nonse. Funso la lero latumizidwa ndi mtsikana wa Fomu 3 wa pasekondale ina cha ku Linthipe, konkuno ku Dedza. Akuti: "Tinkakonzekera mayeso pagulu, ndiye ndinalemba masamu pa bolodi yoyera ya mu labu. Pofufuta, zikukana. Kuyang'ana makayo, ndi yosafufutika ija. Mnzanga ndiye anali atajambula kale tebulo la manambala pa desiki. Aphunzitsi ati pofika Lolemba zikhale zitachoka. Ndipange bwanji?"

Achemwali, mtima m'malo. Bolodiyo iyera mosavuta. Desikiyo ndiye ifuna tiyambe taifunsa mafunso.

[Kamera iyandikire mamaka awiri aja.]

Mamaka awiriwa amafanana ngati mapasa, n'chifukwa chake amasokoneza. Iyi yalembedwa Permanent, iyi yalembedwa Whiteboard Marker, ina mumaipeza italembedwa Dry Erase. M'kati mwa onse awiri muli utoto wosungunulidwa m'madzi a mtundu wa mowa, achibale ake a sipiriti. Fungo lija mumamva mukatsegula chivindikiro ndi la madzi amenewo. Mukalemba, madziwo amauluka, utoto n'kutsala. Kusiyana kwake n'koti mu yosafufutika muli kaulimbo kamene kamamatirira utotowo pachinthu, ndipo kaulimboko sikasungunuka ndi madzi wamba. Mu ya pabolodi muli timafuta toterera tomwe timakhala pakati pa utoto ndi bolodi, utotowo n'kumangoyandama pamwamba kudikira dasitala.

Ndiye kukhula ndi madzi a sopo n'kungotopetsa mkono. Chimene chinasungunula inkiyo m'fakitale ndi chomwe chiisungunulenso pano.

[Alemba 45 pa bolodi ndi maka yosafufutika, ayesa kufufuta ndi dasitala, ikukana.]

Mwaonatu, yagwira. Tsopano nditenge maka ya pabolodi, yakuda, yomwe ikadali ndi inki yambiri. Ndidutse pamwamba pa nambalayi, osati kungotsata mzere kamodzi, koma kukhwatchakhwatcha mpaka yonse ibisike. Ndisadikire kuti iume. Ndiwerenge mpaka 5, ndipukute ndi kansalu kouma.

[Apukuta. Nambala 4 yachoka, 5 yasiya kamthunzi.]

Apa pali phunziro. Pa 4 ndinapukuta inki ikadali yonyowa, yachoka yonse. Pa 5 ndinachedwa pang'ono, yayamba kuuma, yasiya kamthunzi. Ndibwereze, ndipo kachoka. Choncho musakhwatche bolodi yonse kaye kenako n'kumapukuta. Muzichita kachigawo kakang'ono, kokwana chikhatho, n'kupukuta, n'kusuntha. Komanso maka yotha, ija imalemba motuwa, sigwira ntchito imeneyi, chifukwa chimene tikufuna si utoto wake koma madzi ake.

Koma mwati munalemba masamu, ndiye mwina ndi theka la bolodi. Kumeneko mumaliza maka ya aphunzitsi, mlandu n'kukhala iwiri. Gulani sipiriti, yapepo ija imapezeka m'mafamase ndi m'mahadiweya pa boma. Ikasowa, sanitaiza ya m'manja imathandiza, bola pabotolo palembedwe kuti mowa wake ndi 60 kapena 70 peresenti. Ya jeli ija ili ndi ubwino wake: siyenderera, imakhala pamene mwaipaka. Kuipa kwake imasiya kunanda, ndiye pomaliza mupukute ndi kansalu konyowa ndi madzi.

Sipiritiyo muthire pakansalu, osati pabolodi, chifukwa ikayenderera imatenga inki n'kutsika nayo, n'kukalowa m'mphepete mwa felemu momwe chala sichifika. Pukutani, kansalu kakada tembenuzani mbali yoyera. Mukapitiriza ndi mbali yakuda, mukungosamutsa inki kuchoka apa kupita apo, bolodi yonse n'kusanduka yotuwa.

Ndikudziwa wina mukuganiza za kachasu. Mowa ulimo, inde, koma mphamvu yake imatengera wotcheza, ndipo kulowa nalo pageti la sukulu botolo limenelo, nkhani ya maka iiwalika, iyambike ina.

Chimene ndikukupemphani kwambiri: Vimu, sitiliwulo, phulusa, mchenga, zisayandikire bolodi. Mabolodi ambiri otsika mtengo ndi thabwa lokutidwa ndi kakhungu kosalala ka pulasitiki. Kufufutika kwake kumadalira kusalala kumeneko. Mukakhula, mumasiya timizere tosaoneka ndi maso, ndipo kuyambira tsiku limenelo ngakhale maka yoyenera imalowa m'timizeremo osatulukanso. Lero bolodi ioneka yoyera, pakatha mwezi ikhala ndi chigamba chakuda chosachoka. Mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo nawonso ndi amphamvu kwambiri, amatha kuchotsa kuwala kwa bolodi yapulasitiki kapena yopentedwa. Pa bolodi yagalasi alibe vuto, koma magalasiwo m'masukulu mwathu muno ndi angati?

[Asunthira patebulo, anyamula zidutswa ziwiri za thabwa.]

Tsopano desiki. Musanathirepo chilichonse, dziwani kuti thabwa lanulo ndi lovala kapena lamaliseche. Ichi ndi chidutswa cha paini, yemweyu timamuona m'phiri la Dedza ndi ku Chongoni, chopakidwa vanishi. Ichinso ndi paini, koma chosapakidwa kanthu. Ndidonthezere dontho limodzi la madzi pa chilichonse.

[Kamera pafupi kwambiri.]

Pa chavanishi, dontho lakhala lozungulira, likungonyezimira. Pa chinachi, taonani, laphwatalala, likulowa, thabwa lada pamalopo. Mmene madziwa achitira ndi mmene inki inachitira. Pa chavanishi inki ili pamwamba, sinakhudze thabwa. Pa chosapaka yamwedwa, yatsata mitsempha ya thabwa. Muyese pafupi penipeni ndi pamene panalembedwapo, chifukwa madesiki akale amakhala kuti m'mbali vanishi ikadalipo koma pakati, pomwe pamakhala zigongono ndi makope, inatha kalekale.

Tiyambe ndi yavanishi. Apa sipiriti igwira, koma muyambe mwaiyesa pamalo obisika, kunsi kwa desiki kapena pamwendo, bola pakhale popakidwa. Pakani pang'ono, dikirani mphindi imodzi, gwirani ndi chala. Pakamanata, kapena pachita mbuu, kapena kansalu katenga mtundu wachikasu, ndiye kuti sipiriti ikusungunula vanishiyo. Mitundu ina ya vanishi imapirira sipiriti, ina, monga ija amaitcha shelaki, imasungunuka nayo, ndipo ndi maso simungazisiyanitse. Yanuyo ikapirira, pitirizani.

Kulungani kansalu koyera kunsonga ya chala, nyowetsani pang'ono, kasachite kudontha. Dindani pa inkiyo, tukulani, dindaninso. Osazunguliza dzanja ngati mukukwecha mbale. Yambani m'mphepete mwa cholembedwacho kulowera pakati kuti banga lisakule. Onani kansaluka, kakutenga inki. Ndisinthe malo, ndidindenso. Inki ikachepa, ndipukute pang'onopang'ono motsata mizere ya thabwa, kenako ndiumitse msanga ndi kansalu kena. Sipiriti isagone pa vanishi.

Nanga vanishi ikakhala yosapirira? Tengani mankhwala otsukira mano, oyera aja, osati a jeli. Ali ndi tinthu tokhula tosalala kwambiri. Pakani pang'ono, pukutani ndi kansalu konyowa motsata mizere, mphindi imodzi kapena ziwiri, tsukani, onani. Zimafuna kubwereza kangapo, ndipo pamalopo pamatha kuchepa kuwala pang'ono. Ine ndimaona kuti kamalo kosawala n'kabwino kusiyana ndi vanishi yosungunuka yomwe imagwira makope.

[Anyamula chidutswa chosapaka, cholembedwa mzere wakuda.]

Apa ndiye povuta, ndipo ndisakunamizeni. Anthu ambiri amathira sipiriti yambiri poganiza kuti itsuka. Taonani chimene chimachitika.

[Athira. Mzere ukufalikira m'mbali.]

Mzere unali wopyapyala, tsopano wamera ndevu mbali zonse. Sipiriti yasungunula inki, thabwa n'kumwa zonse ziwiri, inki yalowa mkati kuposa poyamba. Ndipo yapepoyi pa thabwa loyera ngati paini imatha kusiyanso kamtundu kake. Parafini ndi petulo musayese n'komwe: parafini imasiya banga lamafuta, petulo ndi ngozi ya moto.

Pa thabwa lotere, sipiriti ntchito yake ndi kuchepetsa chabe. Kansalu kofinyidwa kwambiri, dindani, nthawi yomweyo dindaninso ndi kouma kuti kayamwe. Kansalu kouma kakasiya kutenga mtundu, lekani. Lisiyeni thabwa liume bwinobwino. Ndi kuzizira kwa kuno m'miyezi ya Juni ndi Julayi, musalithamangire, chifukwa thabwa lonyowa limatseka sandipepa.

Chotsalacho ndi cha sandipepa. Kumbuyo kwake kumakhala nambala: nambala yaing'ono ndi yokhakhala, yaikulu ndi yosalala. Kwa kalipentala aliyense mupempha kachidutswa ka 120 ndi ka 220. Kulungani ya 120 pakathabwa kosalala, musagwire ndi zala zokha, chifukwa zala zimakumba kadzenje. Khulani motsata mizere ya thabwa, osati mopingasa, ndipo mutenge malo okulirapo kuposa bangalo kuti pasaoneke chigamba. Pakapita kanthawi, uzirani fumbi, onani. Mzere ukazimiririka, malizani ndi 220.

Pali malo awiri oti muime. Oyamba, ngati pamwamba pa desikiyo si thabwa lenileni koma pulayiwudi. Yang'anani m'mphepete: mukaona timizere tosanjikizana, khungu lapamwambalo ndi lopyapyala kwambiri, mukakhula kwambiri mubooleza, n'kutulukira china chamtundu wina chomwe sichibisika. Achiwiri, ngati inki inalowa m'ming'alu kapena m'mayina aja anzanu akale anazokota ndi kampasi. Imeneyo sandipepa siyifika pokhapokha mutadya thabwa lambiri. Isiyeni.

Pokhula paja pakhala poyera kuposa desiki yonse, ndipo popanda chotchinga. Kavanishi pang'ono kopaka kawiri, kudikira koyamba kaume, kamatseka. Koma sandipepa ndi vanishi pa katundu wa sukulu musayambe nokha. Kawaonetseni aphunzitsi kuti sipiriti yafika apa, chatsala ndi ichi, avomereze. Mwina ali kale ndi kalipentala amene amakonza madesiki.

Za sipiritiyo: tsegulani mawindo ngakhale kukuzizira, ndipo popeza bolodi yanu ili mu labu, onetsetsani kuti palibe moto woyaka pafupi. Imayaka msanga, ndiponso ndi poizoni, siyomwa. Tinsalu tomwe mwagwiritsa ntchito muyanike panja tiume musanataye.

[Atenga selotepi yofiira, akulunga pa maka yosafufutika.]

Ndipo mamaka osafufutika onse a m'kalasi mwanu akulungeni kaselotepi chonchi, muwasunge m'kabati, osati pa kashelefu ka bolodi. Amene muli ndi funso lina, litumizeni. Zikomo.