Mayuniti a nyumba imodzi, anthu atatu: mugawane bwanji

Mphwanga, uthenga wako ndaumva. Ndiyankha ndi mawu chifukwa kulemba zonsezi pa foni zala zanga sizingathe. Wati m'nyumba yanu ku Kapata muli atatu pa mita imodzi ya magetsi, mumasonkha mofanana, koma iwe ukuona ngati ukulipirira nsima ya ena. Usayambe ndi ndewu, yamba ndi kope ndi bolopeni.

Choyamba leka kuwerenga mitu ya anthu, lekanso kuwerenga kuti uyu ali ndi zipangizo zingati. Mita siidziwa zimenezo, imawerenga mayuniti basi. Munthu angakhale ndi mafoni atatu, wailesi, TV ndi fani, koma mnzake wa sitovu imodzi n'kumuposa kutali. Chimene chimadya magetsi ndi chilichonse chotenthetsa, monga sitovu, ketulo, aini, hita, ndi elementi ija yoviika m'ndowa. Zowala ndi zolira zimangonyambita.

Kawerengedwe kake n'kosavuta. Tembenuza chipangizo chilichonse, kumbuyo kapena pansi upeza nambala yotsatana ndi chilembo W, amenewo ndi mawati. Chinthu cha mawati 1,000 chikayaka ola limodzi chadya yuniti imodzi, imene pa lisiti amalemba kWh. Ndiye utenga mawati, uchulukitsa ndi maola amene chimayaka pa tsiku, ugawa ndi 1,000. Wapeza mayuniti a tsiku. Chulukitsa ndi 30, wapeza a mwezi.

Tiyeni titenge nyumba yanuyo monga wandifotokozera. Amayi aja a chipinda chachikulu ali ndi sitovu ya mapuleti awiri ndi filiji. Puleti lalikulu nthawi zambiri limakhala la mawati 1,500. Phala m'mawa, nsima masana, nsima ndi ndiwo madzulo, tinene maola awiri pa tsiku. Amenewo ndi mayuniti 3 pa tsiku, 90 pa mwezi. Koma puleti siliyaka mosalekeza, likatentha limadzithima n'kuyakanso, umamva kuti tha! Ndiye tiwachotsereko pang'ono, tilembe 85. Ndipo tsiku lophika nyemba ndi lina, mphika umakhala pamoto maola awiri kapena atatu, koma za nyemba usazitchule pa msonkhano woyamba, anthu amakwiya msanga.

Filiji ndiyo imanamiziridwa kwambiri. Anthu amaiona yayikulu, yolumikizidwa usiku ndi usana, n'kumati ndiyo ikutha mayuniti. Komatu injini yake imalira kanthawi n'kupuma. Filiji yapakatikati yabwinobwino imadya pafupifupi yuniti imodzi pa tsiku, tilembe 30 pa mwezi. Ikakhala yakale, labala ya pa chitseko itatha, imadya kuposa apo, ndipo udzaizindikira chifukwa siipuma, imangolira. Amayiwo ndiye afika pa 115.

Aphunzitsi aja wati saphika kwambiri, amadya kunja, n'chifukwa chake amakana kuwonjezera. Koma m'mawa uliwonse amaviika elementi m'ndowa ya madzi osamba. Kachinthu kakang'ono kaja kamakhala ka mawati 2,000 kapena kuchepera pang'ono. Akakasiya theka la ola akupukuta nsapato, yapita yuniti yathunthu, mofanana ndi filiji ya amayi tsiku lonse. Pa mwezi ndi 30. Aini ya mawati 1,200, maola awiri Lamlungu lililonse kusita malaya a sabata, ikubwera pafupifupi 10. TV ya mawati 60 ndi dikoda yake, maola asanu madzulo, 10 inanso. Onse pamodzi ndi 50.

Tsopano iwe. Laputopu ya mawati 60 maola anayi, mayuniti 7 pa mwezi. Fani ya mawati 50 usiku wonse, maola asanu ndi atatu, 12. Kutchaja foni mwezi wonse sikukwana ngakhale yuniti imodzi, koma tilembe imodzi kuti asanene kuti wabisa. Umaphika pa mbaula ndi malasha ako ogula wekha. Ndiye uli pa 20.

Zatsala zogwiritsa ntchito nonse. Mababu asanu a mawati 9 kwa maola asanu ndi limodzi akubwera pa 8, babu la panja la mawati 20 loyaka usiku wonse likubwera pa 7. Pamodzi 15, ndipo izi zokha ndi zimene mugawane mofanana, aliyense 5. Musalimbane za mababu, kuti uyu amagona mochedwa, uyu amasiya loyaka. Kusiyana kwake ndi mangwee, ndipo mukayamba kuwerengerana zimenezo simudzapatsananso moni.

Ndiye amayi 120, aphunzitsi 55, iwe 25. Zonse 200. Tiyerekeze kuti malisiti a mwezi wonse akwana K240, nambalayi ndangoitola kuti tiwerengere, iwe utenge ya pa malisiti anu enieni. Gawa K240 ndi 200, yuniti iliyonse yabwera pa K1.20. Amayi alipira K144, aphunzitsi K66, iwe K30. Pogawana mofanana muja unkapereka K80. Ndiye sunalakwe kudandaula, K50 yako inkapsa pa sitovu ya eni ake mwezi ndi mwezi.

Koma usapite kwa anzako ndi pepala lokha, adzati wadzilembera zokukomera. Mita ikhale mboni. Loweruka lina nonse muli pakhomo, thimitsani zonse, filiji yomwe, muwerenge mayuniti otsala pa mita ndi timanambala ta kumapeto tomwe. Amayi aphike nsima ndi ndiwo monga amaphikira masiku onse, muwerengenso. Kenako aphunzitsi atenthetse ndowa yawo, muwerengenso. Aliyense aone ndi maso ake nambala ikutsika. Pa mita palinso kagetsi kofiira kamene kamaphethira. Yang'ana pafupi nako, pamalembedwa nambala ngati 1000 imp/kWh, kutanthauza kuti kakaphethira kokwana nambala imeneyo yapita yuniti imodzi. Ukayatsa babu kamaphethira mwaulesi, ukaviika elementi kamachita ngati kakuthawa galu. Ine ndaonapo mkangano wa miyezi ukutha pa kagetsi kameneko. Filiji yokha siyesedwa pa ola limodzi. Imafuna tsiku lathunthu, ndiye sankhani tsiku limene nonse mwachoka, musiye iyo yokha.

Mwezi ukatha, yerekezani za m'kope ndi za mita. Tengani mayuniti amene analipo pa 1, wonjezerani onse amene mwagula, chotsani otsala pa tsiku lomaliza. Mukapeza 190 kapena 210 pamene kope likuti 200, palibe vuto, gawanani ndi magawo omwe aja. Koma mukapeza 280, pali chinthu chimene sichinalembedwe. Kawirikawiri imakhala hita ya m'chipinda m'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi, kapena kasitovu kobisa pansi pa bedi. Nthawi zina ndi waya wopita ku kanyumba ka kuseri kamene alandilodi analumikiza kale osakuuzani. Kudziwa kwake ndi komwe kuja, thimitsani zonse m'nyumba, muone ngati kagetsi kakuphethirabe. Mwezi wa kuthimathima kwambiri, ngati mmene zinalili mu 2024 madzi atachepa ku damu la magetsi la Kariba, mita idzaonetsa zochepa kuposa kope, zimenezo zisakudabwitseni.

Tsopano imva bwino apa, chifukwa ndi pamene ambiri amaberana osadziwa. Wati nthawi zina mumagula mosinthana, uyu sabata ino, uyu sabata yamawa. Lekani zimenezo. Mtengo wa ZESCO wa m'nyumba uli ndi masitepe. Mayuniti 100 oyamba amene mita yagula m'mwezi amakhala otchipa, opitirira pamenepo amakwera mtengo, ndipo pa sitepe iliyonse yotsatira amakweranso. Mwezi watsopano ukayamba kuwerenga kumayambiranso. Ndiye wogula pa 1 amabwera ndi mayuniti ambiri n'kumanyada, wogula pa 20 ndi ndalama yomweyo amabwera ndi ochepa, anzake n'kumamuganizira kuti wadyako ina. Sanadye, wangogwera pa sitepe yodula. Kugula pang'onopang'ono sikuthandizanso, amawerenga zonse zimene mita imeneyo yagula kuyambira pa 1. Choncho sonkhani ndalama pamodzi kumayambiriro kwa mwezi, aliyense gawo lake, mmodzi agule, uthenga wa tokeni ija ya manambala 20 autumize kwa onse kuti aliyense aone ndalama ndi mayuniti ake. Akatha mwezi usanathe, musonkhenso ndi magawo omwewo.

Pamenepa ungathe kunena kuti, malume, mayuniti otchipa aja ndi a nyumba yonse, tikawagawa patatu aliyense apeza 33, ine wa 25 sindifika n'komwe pa sitepe yodula, bwanji ndilipire mtengo wosakaniza? Mwa masamu ukunena zoona. Amene akukwezetsa mtengo ndi wa sitovu. Koma ine ndikanakhala iwe ndikanaisiya imeneyo. Wachoka kale pa K80 kufika pa K30, ndipo amayiwo ndi amene amasesa pakhomo n'kukuchotsera zovala pa chingwe mvula ikabwera iwe uli ku sukulu. Mfundo imeneyo uisunge, udzaitulutse wina akadzabweretsa filiza ya bizinesi, ya mafiriziti kapena nkhuku zogulitsa, chifukwa pamenepo nyumba idzayamba kugula mayuniti ambiri pa mtengo wapamwamba chifukwa cha phindu la munthu mmodzi.

Palinso ichi, udzifunse moona. Kodi botolo lako la madzi ndi nyama yako ya Loweruka sizigona mu filiji ya amayiwo? Ngati zimagona, mayuniti 30 aja achoke pa dzina lawo apite ku za onse, aliyense 10. Iwe ukwera kufika pa 35, aphunzitsi 65, amayi atsika pa 100. Ulinene wekha limeneli iwo asanalinene, msonkhano udzayenda bwino.

Wina akachoka, monga aphunzitsi sukulu zikatsekedwa, alipire za onse zija basi, zipangizo zake zichotsedwe malinga ndi masiku amene sanalipo. Mlendo wa masiku awiri musamuwerenge, wa mwezi wathunthu muwerengeni pa dzina la amene wamulandira. Magawowa muwaonenso kawiri pa chaka, kukayamba kuzizira, ndi mu Okutobala mafani akayamba kugona akuzungulira.

Zikakanikabe, pali timamita ting'onoting'ono toika pa waya wopita ku chipinda chimodzi. Timagwira bwino ngati chipinda chilichonse chili ndi waya wakewake kuchokera pa bokosi, koma nyumba zambiri za m'makomboni masoketi onse ali pa waya umodzi, ndiye pamafunika kukoka waya watsopano. Imeneyo ndi ntchito ya wamagetsi wodziwa, alandilodi atavomera, ndipo mita ya ZESCO musaitsegule kapena kuilambalala, umenewo ndi mlandu. Jambula zolembedwa kumbuyo kwa sitovu ndi elementi ija unditumizire, tione ngati mawati ndawalasa. Upereke moni kwa amayiwo.