Kalata ya odita yofunsa balansi ya ngongole: muyankhe bwanji?

Moni nonse. Lero nkhani ndi ya inu amene mumagwira kumaakaunti pa kampani yogulitsa katundu pangongole. Chaka chikangotha mumalandira kakalata kuchokera kwa odita wa kasitomala wanu, akuti titsimikizireni ndalama zomwe kasitomalayu anali nanu ngongole pofika pa 31 Disembala. Ambiri amangosaina, kudinda chidindo, basi yapita. Chonde musamatero, odita uja akudalira inuyo ngati mboni yakunja, ndi zomwe muyezo wa ntchito ya maodita wa ISA 505 umanena.

Muyambe mwaona ngati kasitomalayo wasainira kalatayo kuloleza kuti muulule balansi yake. Ngati palibe muimbireni kaye.

Kenako tsegulani leja pa tsiku lomwe lalembedwalo osati balansi ya lero ayi, apa mpomwe anthu amagwera chifukwa kalata imafika mwina mu Febuluwale zinthu zitasintha kale.

Tiyerekeze. Kalata ikuti K8,400,000 koma leja yanu ikuonetsa K10,150,000. Zasiyana ndi K1,750,000. Musathamangire kunena kuti kasitomala akubisa ngongole, tulutsani sitetimenti muyende mzere ndi mzere. Mupeza kuti iwo analemba cheke cha K1,200,000 pa 30 Disembala nkuchotseratu m'mabuku mwawo pomwe inu munachilandira pa 3 Januwale. Imeneyo ndi nkhani ya masiku chabe, palibe wolakwa. Yatsala K550,000, ndi invoisi ya pa 29 Disembala imene kwawoko sinalowe. Iyiyi ndiye odita akuifuna kwambiri, chifukwa ngati katundu anafika kwa kasitomala chaka chisanathe ndiye kuti ngongole yawo yalembedwa yochepa m'mabuku. Pezani kapepala kamene anasainira polandira katundu, tsiku lili pamenepo ndi lomwe ligamule.

Nthawi zina kusiyanako ndi msonkho umene kasitomala anadula polipira nkupereka ku MRA, inu setifiketi yake sinakufikeni ndiye leja ikuonetsabe ngati sanamalize kulipira.

Poyankha chongani kuti simukugwirizana ndi balansi ya m'kalatamo, lembani K10,150,000 yanuyo, fotokozani zinthu ziwiri zija ndi manambala a invoisi ndi cheke, matani sitetimenti. Musasinthe leja kuti ifanane ndi yawo! Makalata ena amabwera opanda nambala, dala, kuti mulembe nokha zomwe mabuku anu akunena.

Asaine ndi munthu waudindo ngati akauntanti wamkulu, dzina, udindo, tsiku. Ndipo yankho lipite kwa odita mwachindunji pa adiresi kapena imelo yomwe ili m'kalatamo. Kasitomala akati tipatseni tikaperekere tokha, kanani mwaulemu, ikadutsa m'manja mwawo odita sangaidalirenso ndipo akuimbiraninso foni kuti mutumize ina.