Sikelo ndi magazi: kuwerenga buku la mayi woyembekezera

(Zimene analankhula namwino wa azamba pa msonkhano wa m'mudzi wina wa kufupi ndi Santhe, m'boma la Kasungu)

Zikomo a Gulupu, zikomo mafumu, amayi ndi abambo nonse. Amene mwabwera ndi mabuku a kusikelo atulutseni, muwaike pamiyendo. Abambo musathawire kuseri kwa mtengo, chifukwa ndalama ya usipa imachokera m'thumba mwanu.

Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti mwa amayi oyembekezera 100 alionse m'Malawi muno, pafupifupi 45 anali ndi magazi ochepa. Mayi wotere akabwera kusikelo sitingomupatsa mapiritsi n'kumuuza kuti pitani. Timayamba tayeza kuti tidziwe chimene thupi lake likusowa, ndipo zonse timalemba m'buku limene mwagwiralo. Ndikufuna muzitha kuliwerenga nokha.

Tiyerekeze mayi wa zaka 24, pathupi pachitatu, mwana womaliza sanakwanitse zaka ziwiri. Wabwera kusikelo pathupi pali masabata 12. Akuti akapita kudimba amapuma mwabefu, akadzuka msanga amachita chizungulire, ndipo mtima umagunda kwambiri ngakhale atangokhala. Akutinso amalakalaka dothi la pachulu. Ambiri mumaseka zadothizi, mumati ndi mwana akufuna, koma kawirikawiri chilakolako chimenechi chimayendera limodzi ndi kuchepa kwa ayironi m'thupi, mchere umene umathandiza kupanga magazi.

Ndimamuyang'ana kaye. Ndimatsitsa chikope cha m'munsi, ndimaona lilime ndi zikhatho. Zikakhala zoyera, zopanda kufiira, ndimakayikira kale. Koma maso amanamiza, ndiye timabaya chala n'kuyeza himogulobini, chinthu chofiira cha m'magazi chimene chimanyamula mpweya. Kwa mayi woyembekezera tifuna nambala ikhale 11 kapena kuposa. Kuyambira 10 mpaka 10.9 magazi achepa pang'ono. Kuyambira 7 mpaka 9.9 achepa ndithu. Ikatsika pansi pa 7, nkhani ya bonongwe imayamba yaima, mayiyo apite kuchipatala chachikulu tsiku lomwelo, mwina akafunika kuwonjezeredwa magazi. Mayi wathu uja tamupeza ndi 9.2.

Kenako akwera pasikelo, wavula nsapato, mwana wamutsitsa kumsana. Makilogalamu 50. Msinkhu wake ndi masentimita 155. Tikawerengetsa kulemera ndi msinkhu timapeza kuti thupi lake ndi lapakatikati, si woonda kwambiri, si wonenepa. Timayezanso mkono ndi kalamba kaja, pakati pa phewa ndi chigongono, chifukwa mimba ikamakula sikelo imakwera ngakhale mayi akuonda, pomwe mkono sunama. Ukakhala pansi pa masentimita 23 timatsegula maso, ukafika pansi pa 19 ndiye kuti kunyentchera kwafika poipa. Wake ndi 22.5.

Nambala ya 50 ija ndi yofunika kuposa zonse zobwera pambuyo, chifukwa ndi poyambira. Mayi wa thupi lapakatikati ayenera kuwonjezera makilogalamu 11.5 mpaka 16 pathupi ponse. Woonda kwambiri awonjezere 12.5 mpaka 18. Wonenepa awonjezere 7 mpaka 11.5, ndipo wonenepa kwambiri 5 mpaka 9 basi. Ndiye mayi wathuyu tikuyembekeza kuti pochira adzakhale atadutsa makilogalamu 61. Apa ndi pamene mumandivutitsa inu amene mumayamba sikelo mimba ili ndi miyezi isanu ndi umodzi. Mukwera pasikelo, ndiona 56, koma sindidziwa ngati mwachokera pa 50 kapena pa 55.

Wina wafunsa kumbuyoko kuti makilogalamu onsewo amapita kuti, poti mwana amabadwa ndi atatu okha. Zoona, mwana ndi atatu kapena kupitirira pang'ono. Enawo ndi nsengwa, madzi amene mwana amakhalamo, chiberekero chimene chakula, mabere, mafuta amene thupi likusungira nthawi yoyamwitsa, ndi magazi enieniwo, amene amawonjezereka ndi pafupifupi theka la mmene analili. Ndiye apongozi amene mumati asadye kwambiri mwana angakule n'kuvuta pobadwa, mukumana chakudya thupi limene likupanga zonsezi. Mwana wobadwa wosakwana makilogalamu 2.5 ndi amene amatisowetsa tulo kuchipatala.

Kulemeraku sikubwera mofanana. Miyezi itatu yoyamba mayi amawonjezera pang'ono, theka la kilogalamu mpaka awiri, ena osawonjezera n'komwe chifukwa cha nseru. Kuyambira mwezi wachinayi tifuna pafupifupi theka la kilogalamu pa sabata, tinene kuti kilogalamu imodzi ndi theka mpaka awiri pa mwezi. Mwezi ukatha osawonjezera ngakhale kilogalamu imodzi, pali chimene chalakwika.

Mayi wathu tamupatsa mapiritsi owonjezera magazi, a ayironi ndi foliki asidi. Mayi aliyense woyembekezera amamwa limodzi pa tsiku. Iyeyu, poti magazi ake achepa kale, adokotala amuuza kuti azimwa awiri pa tsiku mpaka nambala idzakwere. Wapita.

Wabweranso pa masabata 20. Sikelo ikuti 51. Papita miyezi iwiri, tinkayembekeza kuti afika cha m'ma 53, koma wawonjezera imodzi yokha. Himogulobini 9.0. Mapiritsi akamamwedwa bwino nambalayi imayenera kukwera ndi 1 pakatha mwezi, koma yake yatsikako. Apa sindithamangira kumukalipira. Ndimakhala naye pansi n'kumufunsa kuti dzulo, kuyambira podzuka mpaka pogona, anadya chiyani. Sindifunsa kuti mumadya chiyani masiku onse, chifukwa aliyense amayankha kuti timadya bwino.

Akuti m'mawa anamwa tiyi wopanda mkaka ndi mbatata imodzi, n'kupita kukapalira fodya. Masana sanadye, anali kumunda. Madzulo nsima ya ufa woyera ndi therere lothira soda, ndipo mbale ya ana ankadyera limodzi, iye n'kumawasiyira. Pa magulu asanu ndi limodzi a zakudya aja, zokhutitsa, zanyama, zanyemba, masamba, zipatso ndi mafuta, iye wakhudza awiri. Nanga mapiritsi? Akuti anamwa sabata imodzi, anaona chimbudzi chakuda bii, anachita mantha, anasiya. Masiku amene ankamwawo ankatsitsira tiyi.

Ndikufuna apa mumve bwino nonse. Chimbudzi chakuda ndi ayironi wotsala amene akutuluka, si matenda. Nseru ndi kudzimbidwa zimachitika, koma zimachepa mukamamwa piritsi mutadya kapena pogona, n'kumamwa madzi ambiri. Tiyi ndi khofi zimamanga ayironi m'mimba kuti asalowe m'magazi. Sindikuti musiye tiyi, ndikudziwa kuti simungandimvere, koma mumutalikitse ndi piritsi komanso ndi chakudya, papite ola limodzi kapena awiri. Chimene chimathandiza ayironi kulowa ndi zipatso zowawasa: gwafa, lalanje, mandimu, mango, malambe, ngakhale tomato wamuwisi.

Pa chakudya, mayi wa miyezi imeneyi safunika kudya za anthu awiri. Amafunika chakudya chimodzi chowonjezera pa tsiku, pamwamba pa kudya katatu. Kwa mayi wathu tagwirizana zinthu zimene zili m'nyumba mwake momwe. M'mawa phala la mgaiwa lothira nsinjiro kapena ufa wa soya wokazinga, poti mtedza ndi soya kuno ku Kasungu timalima tokha, ngakhale timakonda kugulitsa zonse kwa mavenda n'kutsala opanda kanthu. Popita kumunda atenge mtedza wokazinga m'kansalu ndi chipatso. Madzulo nyemba, khobwe kapena nandolo, pambali bonongwe, chisoso kapena nkhwani zotendera, zopanda soda ndiponso zosaphika mpaka kuda. Ndipo akhale ndi mbale yakeyake.

Koma ndikuuzeni zoona: ayironi wa m'masamba ndi m'nyemba amalowa m'thupi pang'ono. Wa m'nyama ndi m'nsomba ndi amene amalowa bwino. Usipa, matemba, mbewa, nkhuku, kachidutswa ka chiwindi kamodzi pa sabata, chilichonse mwa zimenezi chikamapezeka kangapo pa sabata chimasintha zinthu, ndipo usipa pang'ono wosakaniza ndi masamba umathandiza kuti wa m'masambayo alowenso. Mazira adye, zoti mwana adzabadwa wopanda tsitsi n'zabodza. Ngakhale zili choncho, mayi amene ali pa 9 sangakwere ndi ndiwo zokha nthawi yochira isanakwane. Mapiritsi ndi chakudya ziyendere limodzi.

Pali chinanso. Kuthira madzi mu ndowa yobooka n'kutaya nthawi, ndiye timafufuza pamene magazi akuthera. Malungo amaswa magazi ngakhale mayi asakumva kutentha thupi, n'chifukwa chake timamuyeza, timamumwetsa Fansida pamaso pathu kuyambira masabata 13, mwezi ndi mwezi, osachepera katatu, ndipo agone mu neti. Amene akumwa Bakitirimu tsiku ndi tsiku chifukwa cha kachilombo samwa Fansida, auzeni anamwino. Njoka za m'mimba zimayamwa magazi, ndipo zimalowera kuphazi mukamayenda opanda nsapato, choncho miyezi itatu ikadutsa timapereka piritsi limodzi la njoka. Timafunsanso ngati mkodzo uli ndi magazi, chifukwa cha likodzo la m'madambo mwathumu. Kwa mayi wathu, kubereka pafupipafupi nakonso kunamudyera ayironi amene thupi linasunga.

Pa masabata 26 wabweranso. Sikelo ikuti 53.5, kutanthauza kuti wawonjezera awiri ndi theka m'masabata asanu ndi limodzi. Himogulobini 10.3. Liwiro limeneli ndi limene timafuna. Mwina sadzafika pa 61 paja, chifukwa miyezi iwiri inatayika, ndipo sitimuuza kuti athamangitse ndi masikono ndi zakumwa zotsekemera. Apitirize momwemo, mapiritsi asasiye, ngakhale atachira adzamwabe kwa miyezi itatu kuti abwezeretse zimene zatha.

Amayi mwakweza dzanjawo, funsani. Akuti nanga sikelo ikakwera kwambiri, si ndiye kuti zili bwino? Ayi mayi. Tinene kuti mayi yemweyu pa masabata 34 ali ndi 57, pa masabata 36 tikumupeza ndi 60. Makilogalamu atatu m'masabata awiri si nsima, ndi madzi. Muyang'aneni nkhope ndi manja. Ngati watupa, mphete ikumuthina, mutu ukumupweteka osasiya, akuona zinthu mwachimbuuzi kapena akumva kuwawa pansi pa nthiti, kumeneko ndi kuthamanga kwa magazi kwa pathupi, ndipo kumatha kumukomola. Magazi ochepa ndi kuthamanga kwa magazi zimatha kupezeka mwa munthu mmodzi. Kutupa kwa mapazi okha madzulo kumachitika kwa ambiri, koma kukaphatikana ndi befu munthu atangogona, zikhatho zili mbuu, mwina mtima watopa ndi kuchepa kwa magazi. Zonse ziwirizi musadikire tsiku la sikelo. Abambo, njinga yamoto ipezeke usiku womwewo.

Tsopano amene muli ndi mabuku bwerani mmodzimmodzi pamkeka pano, tione nambala ziwiri zomaliza za sikelo yanu ndi masiku amene zinalembedwa, tiwerengetse limodzi.