Ludzu Losatha ndi Kukodza Usiku: Zomwe Alangizi a Zaumoyo Anayankhula pa Bwalo la Mfumu ku Thyolo

Zikomo amfumu, zikomo amayi ndi abambo. Nonse mwamva za mayi athu aja anagwa m'munda wa tiyi sabata yatha, dengu lili kumsana. Ali kuchipatala ku boma, akupezako bwino, ndipo andilola kunena kuti awapeza ndi matenda a shuga. Chikundiwawa n'chakuti thupi linakhala likuwachenjeza kwa miyezi itatu. Usiku ankadzuka kasanu kukataya madzi, chigubu chili kumutu kwa mphasa, kukacha thupi lili lefu. Ife tinkati ndi ukalamba. Ena munkanong'onezana za kuwonda kwawo, musawerame, ndikukudziwani.

Kukodza pafupipafupi, ludzu losatha, kufooka. Zitatuzi zikabwera pamodzi, kayezetseni.

Zimayenda chonchi. Nsima, chinangwa, mbatata, zikalowa m'mimba zimasanduka shuga. Shugayo amayenera kuchoka m'magazi n'kulowa m'minofu kuti tipeze mphamvu, ndipo chomutsegulira khomo ndi insulini, yomwe thupi limapanga lokha. Insulini ikachepa kapena ikapanda kugwira bwino ntchito, shuga amangodzadza m'magazi. Impso zimamutayira mumkodzo, ndipo potuluka amakoka madzi ambiri. Ndiye kukodza kuja. Madzi akatha m'thupi, ludzu. Minofu nayo ili ndi njala ngakhale mwadya mitanda itatu. N'chifukwa chake ena amaona nyerere zitaunjikana pomwe akodza.

Eya, agogo, funsani.

"Nanga dzuwa la Okutobala lino, ndani sakumva ludzu? Tonse tili ndi shuga?"

Mwafunsa bwino, agogo. Ludzu la dzuwa limatha mukamwa madzi n'kukhala pamthunzi. Komanso mukatuluka thukuta, mkodzo umachepa, umakhala wachikasu kwambiri. Ludzu la shuga silimva madzi. Mumamwa, m'kamwa n'kuumabe, mkodzo wochuluka, woyera, usiku womwe, ngakhale mu Juni kukuwaza chiperoni. Choopsa n'chakuti munthu amathamangira Sobo kapena thobwa lothira shuga kuti aphe ludzulo, osadziwa kuti akuwonjezera matenda. Mayi athu aja ankatero. Kusiyanitsanso, ngati mkodzo ukutuluka pang'onopang'ono uku ukuwotcha, kawirikawiri amakhala matenda a chikhodzodzo. Kwa abambo achikulire akhoza kukhala mavuto a njira ya mkodzo. Maso sangakuuzeni, koma magazi.

Ndaona kumbuyoko mwayamba kunyamula makasu, ndifulumire. Pokonzekera kukayezetsa, madzulo idyani monga mwa masiku onse, kenako musadye kanthu maola 8. Madzi imwani, tiyi ayi. M'mawa lawirirani kuchipatala ndi buku lanu. Akubayani pachala, kadontho kamodzi. Makina akaonetsa 126 kapena kuposa, pa makina ena ndi 7, adzakuyezaninso tsiku lina kuti atsimikize. Mwana akayambanso kukodza pamphasa uku akuwonda, musam'menye, m'tengeni tsiku lomwelo. Munthu akamasanza, kupuma mwabefu, kapena kusokonezeka mutu, pezani njinga yamoto nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku.

Amene zitatu zija mukuziona, tsalani pansi pa mtengowu ndikulembeni mayina.