Chithunzi chisanapite pa intaneti, chikhale mu sRGB

Zikomo nonse pobwera. Amene mwaima kumbuyoko sunthirani kuno, malo alipo. Ambiri mwamva zomwe zamuchitikira mnzathu mmodzi sabata yathayi. Anajambula madiresi a mayi wina wogulitsa zovala, ndipo pakompyuta yake diresi lofiira linali psuu. Mayiwo ataika zithunzizo pawebusaiti yawo, kufiira kuja kunafwifwa, nkhope ya wovalayo n'kutuwa ngati akudwala. Anakwiya, akuti munthu sadziwa kujambula. Ena mwa inu munayamba kunena kuti kamera yatha, ena mumati ndi sikirini. Ndinapempha failo ija kuti ndiione ndekha. Kamera ilibe mlandu. Chithunzicho chinali mu Adobe RGB, ndipo pulofailo ya mitundu inali itachotsedwa.

Tiyeni timvetsetsane kaye. M'failo ya chithunzi mulibe utoto, muli manambala okhaokha. Kadontho kalikonse kali ndi manambala atatu, ya kufiira, ya kubiriwira ndi ya buluu, iliyonse kuyambira 0 mpaka 255. Koma nambala payokha sinena kuti kufiirako n'kotani. Telala akalemba 30 papepala osalemba kuti ndi mainchesi kapena masentimita, wosoka wina adula nsalu molakwika, chonsecho nambala sinasinthe. Pulofailo ndiye mawu aja onena muyezo. Ndi kachidutswa kakang'ono kamene kamakhala m'kati mwa failo, kouza burawuza tanthauzo la manambalawo.

Muyezo umene intaneti imaudziwa ndi sRGB, umene makampani a HP ndi Microsoft anapanga mu 1996. Burawuza ikapeza chithunzi chopanda pulofailo siifunsa aliyense, imangochitenga kuti ndi sRGB. Adobe RGB, ya mu 1998, ndi yotambalala, imafika pa mitundu yowala kuposa sRGB, makamaka yobiriwira. Ndiye tamverani izi. Kufiira kumene mu sRGB kumalembedwa 255, 0, 0, mu Adobe RGB kumalembedwa pafupifupi 219, 0, 0. Mtundu ndi womwewo, manambala ndi osiyana. Pulofailo ikakhalapo, burawuza imadziwa kuti 219 ameneyu ndi wa Adobe RGB, n'kuonetsa kufiira koyenera. Ikasowa, imawerenga 219 ngati wa sRGB, kufiira n'kuchepa mphamvu. Diresi lija linafwifwa choncho. Kubiriwira ndiye kumavulala kwambiri: 0, 255, 0 wa sRGB amakhala pafupifupi 144, 255, 60 mu Adobe RGB, ndipo akawerengedwa molakwika amasanduka wobiriwira wotumbuluka, wopendekera ku chikasu. Ikakhala ProPhoto RGB, muyezo wotambalala kwambiri umene pulogalamu ya Lightroom imakonda kutumiza nawo zithunzi ku Photoshop, zimaipa koposa, khungu limachita kuoneka lotuwa mobiriwira.

Ndiye chenjezo ndi ili, ndipo ndilibwereza mpaka mutope nane. Sandutsani chithunzi chikhale sRGB, ndipo pulofailo ikhale m'kati mwa failo. Zonse ziwiri, osati chimodzi. Pulofailo imasowa mosavuta. Mawebusaiti ena ndi timapulogalamu tochepetsa mafailo timaichotsa pamodzi ndi zolembera zina kuti chithunzi chipepuke. Ngati manambala anu ali kale a sRGB, achotse asachotse, chithunzi chioneka pafupifupi chimodzimodzi. Ngati ndi a Adobe RGB, mwadalira kanthu kamene wina akhoza kukataya osakuuzani.

Apa pali msampha umene ndaona ambiri akugweramo. Mu Photoshop, pansi pa Edit, muli malamulo awiri oyandikana, Assign Profile ndi Convert to Profile. Mnyamata wina amene ndinkamuphunzitsa anamva kuti sRGB ndiye yofunika, n'kupita pa Assign Profile, n'kusankha sRGB. Chithunzi chinafwifwa pomwepo iye akuona. M'malo moima n'kudabwa, anayamba kukoka Saturation kuti abwezeretse mitundu, khungu la anthu n'kusanduka lalanje. Assign amafufuta mawu akuti mainchesi n'kulemba masentimita, 30 uja osamukhudza. Convert amachita masamu, mainchesi 30 n'kukhala masentimita 76, utali osasintha. Chizindikiro chake n'chosavuta: mukadina Convert, chithunzi sichiyenera kusintha kwenikweni m'maso mwanu. Chikasintha mwadzidzidzi, mwadina polakwika. Ndipo inu amene mumadina OK pa uthenga uliwonse osawerenga, ndikukuonani mukuseka, lekani. Uthenga wofunsa za pulofailo potsegula failo umabwera pa chifukwa.

(Bambo wina akukweza dzanja: "Pepani achimwene, mwati Adobe RGB ili ndi mitundu yambiri. Nanga tikasandutsa sititaya ubwino wa chithunzi? Ine kamera yanga ndinaiika pa Adobe RGB dala.")

Mwafunsa bwino bambo, ndipo ambiri muno ali ndi funso lomwelo. Inde, pali chimene chimatayika. Mitundu yowala kwambiri imene sRGB siifikira, monga kubiriwira kwina kopendekera ku buluu, imakankhidwira pa mtundu woyandikana nawo umene sRGB ili nawo. Koma pachithunzi cha nkhope ya munthu, nyumba kapena msewu, pafupifupi mitundu yonse ili kale m'kati mwa sRGB, ndiye simutaya kanthu kooneka. Komanso ganizirani woonera. Masikirini ambiri wamba sangaonetse Adobe RGB yonse, ndiye mitundu mukuiumirirayo mwina saiona n'komwe. N'zoona kuti mafoni ndi makompyuta ambiri atsopano ali ndi sikirini ya Display P3, yotambalala kuposa sRGB, koma chithunzi cha sRGB chokhala ndi pulofailo chimaoneka bwinobwino pamenepo. Adobe RGB ili ndi malo ake, makamaka pokonza chithunzi chokasindikiza papepala. Ndiye failo yanu yaikulu isungeni momwe ilili, musaikhudze. Ya pa intaneti ikhale kope yapadera. Za kamerazo, ngati mumajambula RAW, chimene munasankhacho sichikhudza failo ya RAW, muyezo mumasankha potulutsa. Chimakhudza JPEG. Ndipo mukhoza kuzindikira poona dzina lokha: makamera ambiri amayamba dzina la failo ya Adobe RGB ndi kamzere kapansi, monga _DSC kapena _MG_, m'malo mwa DSC_ kapena IMG_. Ngati mumatumiza ma JPEG kwa anthu mwachindunji kuchokera m'kamera, ibwezereni pa sRGB lero lomwe, bambo.

Ndaona ena ayamba kuyang'ana mafoni, ndiye ndithamange. Mu Lightroom Classic, pa Export, pitani pa File Settings, pa Color Space sankhani sRGB, pulofailo imalowa yokha. Mu Photoshop, File, Export, Export As, chongani Convert to sRGB komanso Embed Color Profile, mabokosi onse awiri. Mu GIMP, Image, Color Management, Convert to Color Profile, ndipo potulutsa JPEG chongani Save color profile. Sandutsani, pulofailo m'kati, ndanenanso.

Mukamaliza musangokhulupirira. Kokerani failoyo pa burawuza, muiyerekeze ndi ya m'pulogalamu yanu pa sikirini yomweyo. Amene muli ndi exiftool, pulogalamu yowerenga zolembera za m'failo, lembani izi:

```
exiftool -ProfileDescription chithunzi.jpg
```

Iyenera kuyankha dzina lokhala ndi sRGB, monga sRGB IEC61966-2.1. Ikangokhala chete, pulofailo mulibe. Kenako ikani chithunzicho pawebusaiti, muchitsitsenso, muone ngati pulofailo yapulumuka. Mukaona kusiyana pang'ono pakati pa foni yanu ndi ya mnzanu, uku zonsezi mwachita, amenewo ndi masikirini, failo musaisinthenso. Amene mwabwera ndi malaputopu tsegulani chithunzi chimodzi, ndidutsa mzere ndi mzere.