Saluni ya Anthu Awiri: Lembani Izi Musanagule Dilaya

Takulandirani nonse. Ngati inu ndi mnzanu mukutsegula saluni, musagule kaye dilaya mpaka vidiyo iyi ithe. Tikulemba mgwirizano wanu, ndime ndi ndime.

Choyamba, mwachangu: mayina anu onse awiri, dzina la saluni, tsiku loyamba ntchito, ndi zimene aliyense wabweretsa. Ngati wina wabweretsa mipando kapena magalasi m'malo mwa ndalama, gwirizanani mtengo wake lero lomwe, ndipo lembani ngati wapereka ku bizinesi kapena wangobwereketsa.

Chachiwiri, ntchito. Ndani asunge buku la ndalama? Ndani azikagula shampu, meshi ndi mankhwala a tsitsi? Aliyense azipezeka masiku angati pa sabata? Tsegulani akaunti ya saluni yofuna kuti nonse musaine, ndipo ikani malire a ndalama zimene mmodzi angagwiritse ntchito asanafunse mnzake. M'mayiko ambiri, ngongole imene mnzanu watenga m'dzina la bizinesi imakhala yanunso.

Chachitatu, ndipo apa ndichedwapo. Anthu amakonda kunena kuti, "Ife ndi mabwenzi, tizingogawana pakati." Mawu amenewa amandipweteka mutu! Kugawana pakati chiyani? Ndalama za m'dilowa madzulo si phindu. M'menemo muli lendi, magetsi, madzi ndi mankhwala amene mwathira m'mitu ya anthu. Komanso thukuta ndi mpamba ndi zinthu ziwiri zosiyana, chilichonse chili ndi malipiro ake.

Tengani cholembera tiwerengere limodzi. Manambalawa ndi achitsanzo chabe. Woyamba anaika magawo 60 pa 100 a mpamba, koma amabwera masiku awiri pa sabata. Wachiwiri anaika magawo 40, koma amaluka kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Mwezi uno mwalowa 1,000. Zolipira zonse zadya 400, kwatsala 600.

Musagawane msanga. Yambani mwalipira ntchito ya manja. Tinene kuti munalemba kuti aliyense azitenga magawo 30 pa 100 a ntchito imene wagwira yekha. Wolukayo wagwira ntchito ya 700, watenga 210. Mnzakeyo wagwira ya 300, watenga 90. Kwatsala 300. Pamenepo chotsani 100 yosungira tsiku limene dilaya idzapse. Phindu lenileni ndi 200 basi, ndipo ili ndi limene mumagawana potengera mpamba: 120 kwa woyamba, 80 kwa wachiwiri.

Mukaphatikiza, woluka wapita kunyumba ndi 290, mnzake ndi 210. Akadagawana pakati 500 yomweyi, aliyense akadatenga 250. Mwaona? Amene msana ukumuwawa akadataya 40 mwezi uliwonse. Sadandaula poyera, ayi. Amangoyamba kuuza makasitomala kuti, "Bwerani kunyumba Lamlungu." Mukaona saluni ili yodzaza koma buku likuwonetsa mitu yochepa, kapena meshi ikutha msanga kuposa ntchito yolembedwa, dziwani kuti kagawidwe kanu kakuwawa wina.

Ndipo mukapanda kulemba chilichonse, malamulo a mayiko ambiri amati phindu ligawidwe mofanana, osayang'ana kuti wina anaika zambiri. Masamu onsewa amagwira ntchito pokhapokha mutu uliwonse ukulembedwa pamodzi ndi dzina la amene waukonza. Ngati zikukuthandizani, dinani Subscribe, chifukwa vidiyo yotsatira ndi ya kalembedwe ka buku limeneli.

Chachinayi, kusiyana. Ndikudziwa, palibe amafuna kukamba zimenezi chikondi chili pachimake, koma iyi ndi nthawi yokhayo imene nonse mungagwirizane popanda mkwiyo. Lembani kuti wofuna kuchoka azidziwitsa mnzake ndi kalata, mwachitsanzo miyezi 3 isanakwane. Gawo lake liwerengedwe motere: zipangizo pa mtengo umene zingagulitsidwe tsikulo, osati wa pa risiti, kuphatikiza katundu wotsala ndi ndalama za ku banki, kuchotsapo ngongole zonse; pa zotsalazo, iye atenge magawo ake okha. Wotsalayo akhale woyamba kupatsidwa mwayi wogula gawolo, ndipo aloledwe kulipira pang'onopang'ono, mwina miyezi 6, kuti saluni isagwe pa tsiku limodzi.

Musaiwale dzina la saluni ndi nambala ya foni imene makasitomala amaimba. Zitsala ndi ndani? Nambala imeneyo nthawi zina imaposa mipando yonse mtengo. Lembaninso zochita wina akadwala nthawi yaitali kapena akamwalira: achibale ake alandire mtengo wa gawo lake, kapena alowe m'bizinesi? Sankhani chimodzi, chilembedwe.

Chachisanu, tchulani munthu amene nonse mumamukhulupirira kuti adzakuyanjanitseni mukasemphana. Kenako loya awerenge pepalalo, musaine pamaso pa mboni ziwiri, aliyense asunge lake. Tionana m'vidiyo ya buku la ndalama.